Kasitomala wangoti "moni" n'kukhala chete: mafunso omuthandiza kunena chimene wabwerera

Amene amagulitsa mu shopu ya zipangizo zaulimi amalidziwa vutoli. Munthu walowa, wapereka moni, mwayankha, kenaka wangoima n'kumayang'ana mashelefu. Pa WhatsApp ndiye zimanyanya: uthenga umangoti "Moni bwana" kapena "Bho?", mwayankha, iye n'kubweranso ndi "Kunyumba ali bwanji?" Ola latha musanadziwe ngati akufuna feteleza, mbewu, kapena akungofuna kudziwa ngati mwatsegula.

Moniwo si vuto ayi. Kwathu kuno munthu sayamba nkhani asanalonjere, ndipo wongofika n'kunena kuti "yureya ndi zingati?" timamuona ngati wopanda mwambo. Chimene chimasokonekera nthawi zambiri ndi funso loyamba limene wogulitsa amafunsa moni ukatha.

Mafunso alipo a mitundu iwiri. Funso lotseguka ndi limene munthu sangaliyankhe ndi "ee" kapena "ayi", amayenera kufotokoza: "Tikuthandizeni ndi chiyani lero?", "Chimanga chikuoneka bwanji?" Funso lotseka ndi la yankho limodzi lalifupi: "Mukufuna thumba lonse?", "Ndi ya chimanga kapena ya soya?", "Munda ndi maekala angati?" Lotseguka ntchito yake ndi kutulutsa nkhani imene simukuidziwa. Lotseka ntchito yake ndi kutsimikiza kapena kuyeza nkhani imene yatuluka kale. Pafupifupi mavuto onse ali m'munsimu amayamba mukasinthanitsa malo a awiriwa. Pa chizindikiro chilichonse, zoyambitsa zalembedwa kuyambira chofala kwambiri.

## Chizindikiro 1: Malonje sakutha

Mwafunsana za kudzuka, za ana, za mvula, koma nkhani osayamba.

Simunapereke mpata woti ayambe. Ichi ndiye chofala. Mukayankha kuti "Ndili bwino, kaya inu?" n'kuimira pomwepo, mwabweza mpira wa malonje, ndipo munthu waulemu aubwezanso. Akudikira kuti mwini malo amuuze kuti tsopano anene. Onani mayankho anu atatu omaliza pa foni: ngati onse akutha ndi moni, vuto ndi limeneli. Konzani pophatikiza moni ndi funso lotseguka mu mpweya umodzi: "Taswera bwino mayi, kaya inu? Tikuthandizeni ndi chiyani lero?" Moni wonse ulipo, palibe amene wadulidwa, koma khomo latseguka.

Mwafunsa "Nkwabwino?" Limamveka ngati funso loitana nkhani, koma ndi lotseka, ndipo yankho lake anthu analiloweza kalekale: "Ee, nkwabwino ndithu." Ngakhale munthu amene nkhuku zake zikutha ndi chitopa ayankha chomwecho. Chimodzimodzi "Tikuthandizeni?" lopanda "ndi chiyani", limene yankho lake ndi "Ee" kapena "Ndikungoona." Ngati lakupulumukani, onjezani pomwepo: "Tiuzeni, mwatiyendera ndi nkhani yanji?"

Akuyesa ngati nambala ikugwira. Ambiri sawononga bandulo polemba nkhani yaitali kwa munthu amene mwina sayankha. Apa chithandizo ndi kuyankha msanga ndi uthenga wokwanira. Ngati mumagwiritsa WhatsApp Business, pali malo otchedwa `Greeting message` pomwe mungaike uthenga wopita wokha kwa munthu amene wakulemberani koyamba, kapena amene papita masiku 14 musanalankhulane naye. Musadzazemo mndandanda wa katundu. Moni, dzina la shopu, ndi funso limodzi lotseguka, basi.

## Chizindikiro 2: Mwafunsa lotseguka, yankho ndi "Ndimangofunsa" kapena chete

Apa ambiri amafulumira kunena kuti mafunso otseguka sagwira ntchito kwa anthu akumudzi. Si zoona. Kawirikawiri chavuta ndi chimodzi mwa izi.

Simunadikire. Funso lotseguka limafuna nthawi yoti munthu akonze mawu. Wogulitsa amafunsa, pakangodutsa kamphindi ka chete amayamba kudziyankha yekha: "Feteleza? Mbewu? Mankhwala?" Kasitomala amangotola chimodzi mwa zimene mwatchulazo kuti akumasuleni. Si ife tokha amene tili ndi khalidweli. Mu 1984, Beckman ndi Frankel ku America anajambula mawu a madokotala akucheza ndi odwala, n'kupeza kuti dokotala ankadula wodwala patangotha masekondi pafupifupi 18 chiyambireni kufotokoza, ndipo odwala ochepa okha ndi amene ankafika kumapeto kwa zimene anabwerera. Dziyeseni: mukafunsa, werengani mumtima mpaka 5 musanatsegulenso pakamwa. Muziyang'ana munthuyo, osati kabuku ka malisiti.

Funso lakula kwambiri. Kwa munthu amene sadziwa dzina la chinthu chimene akufuna, "Mukufuna chiyani?" ndi mayeso. Iye akudziwa kuti masamba a tomato akupiringizika, koma dzina la mankhwala sakulidziwa, ndipo akuopa kuoneka mbuli. Lichepetseni funsolo koma lisatsekeke. Yambani ndi lotseka limodzi la magawo akuluakulu: "Ndi za kumunda, za kudimba, kapena za ziweto?" Akasankha, bwererani ku lotseguka: "Kudimbako chikuchitika n'chiyani?" Funsani za zimene waona ndi maso, osati za dzina la katundu. Mlimi aliyense amatha kufotokoza munda wake.

Pali anthu akumva. Amene akufuna kugula makilogalamu 5 a feteleza woyeza pa sikelo sanganene mokweza pamene mnzake wapambali akukweza matumba 10 pa galimoto. Winanso wabwera kudzapempha ngongole. Chizindikiro chake n'chakuti amalola ena kumupitirira pamzere. Mumalizeni winayo, sunthirani kumapeto kwa kauntala, tsitsani mawu, n'kufunsanso. Mungathe kumutsegulira njira ndi chiganizo osati funso: "Timagulitsanso woyeza, kuyambira kilogalamu imodzi."

Kulemba kukumuvuta. Pa foni, funso lotseguka limapempha munthu kulemba ndime, pamene ena amalemba movutikira. Muuzeni kuti: "Mukhoza kutumiza voisi kapena chithunzi cha mbewuyo." Chithunzi chimodzi cha tsamba chimayankha mafunso otseka asanu.

## Chizindikiro 3: Akuyankha "ee" pa zonse, koma katundu akubwerera

Ili ndiye lodula kuposa onse, chifukwa pa nthawi yogulitsa zonse zimaoneka kuti zayenda bwino. Mawa lake mwana amabwera ndi botolo lotsegula kale, akuti bambo ati si amenewa.

Munayamba ndi lotseka musanamve nkhani. Munthu anangoti "mankhwala a chimanga," inu n'kufunsa "A anankafumbwe?" iye n'kuvomera. Koma mawu amenewo angatanthauze mankhwala othira m'matumba pokolola, opha mbozi m'munda, kapena opha udzu. Funso lotseka limangoyesa zimene zili m'mutu mwa wofunsa. Ngati zimene kasitomala akufuna sizili m'mutu mwanu, mukhoza kufunsa mafunso 10 otere osazigunda. Kufufuza kwake n'kosavuta: kumbukirani kuti ndani anayamba kutchula dzina la katunduyo. Ngati ndinu, bwererani: "Tandifotokozereni kaye, chimangacho chili pati ndipo chatani?"

Funso lanu linali ndi yankho m'kati. "Mukufuna yureya eti?", "Si mbewu yocha msanga imene mukufuna?" Munthu waulemu, makamaka mayi wachikulire pamaso pa mnyamata wooneka wophunzira, satsutsa funso lotere. Chotsani "eti" ndi "si" ndipo perekani mbali ziwiri zolemera mofanana: "Mukufuna wothira chimanga chikangomera, kapena wachiwiri wobereketsa?"

Ndi wotumidwa. Mwana kapena wakabaza amavomera chilichonse chifukwa mundawo sanauone. Funso lotseka limodzi limathetsa zonse, ndipo ndi limodzi mwa ochepa amene ndi bwino kufunsa msanga: "Ndi za munda wanu kapena akutumani?" Ngati watumidwa, pemphani kapepala, botolo lakale, kapena muimbireni mwini wake.

Simunabwereze. Musanalandire ndalama, nenani zimene mwamva m'mawu anu, n'kutseka ndi funso: "Ndiye mwati ndi chimanga chokolola kale, matumba 8, mwaona ufa pansi pa matumba. Ndamva bwino?" Apa ndi pamene "ee" amakhala ndi phindu, chifukwa akuvomera mawu ake omwe.

### Chitsanzo: "Chimanga chikudwala"

Tiyerekeze kuti ndi mu Januwale, ndipo pafika uthenga wa "Mwaswera bwanji achimwene." Wogulitsa wofulumira akhoza kuyankha moni, n'kumva kuti chimanga chikudwala, n'kufunsa "Ndi mbozi?" Mlimi avomera, poti ntchemberezandonda zakhala pakamwa pa aliyense chifikireni m'dziko muno, ndipo botolo la mankhwala lipita. Tsopano onani njira ina.

"Taswera bwino bambo, kaya inu? Tikuthandizeni ndi chiyani lero?"

"Chimanga changa chikudwala, anzanga akuti ndigule mankhwala opopera."

"Pepani. Tandiuzani, mukalowa m'mundamo mukuona chiyani?"

"Chikuchita chikasu, sichikukula ngati cha anzanga."

Mafunso awiri otseguka atulutsa chinthu chimene "Ndi mbozi?" akanachikwirira: mlimi sanatchule kudyeka kwa masamba. Tsopano otseka agwire ntchito, limodzi limodzi, lililonse lochotsa choyambitsa chimodzi.

"Masamba ali ndi mabowo, kapena muli zonga utuchi m'kati mwa nsonga?" Ayi. Ndiye ntchemberezandonda zachoka pa mndandanda, chifukwa zimasiya mabowo ndi ndowe zake poonekera.

"Chikasucho chayambira masamba apansi kapena apamwamba?" Apansi, kuyambira kunsonga ya tsamba kutsata mtsempha wapakati. Umu ndi mmene chimanga chimaonekera chikasowa nayitulojeni, chifukwa chimasamutsa chakudyacho kuchoka m'masamba akale kupita ku atsopano.

"M'mundamo mumadikha madzi?" Ayi, ndi pamtunda.

"Munathira feteleza kangati?" Kamodzi, wa NPK, masabata asanu apitawo.

"Munda ndi waukulu bwanji?" Theka la ekala.

Mlimiyu sakufunika mankhwala opopera. Akufunika yureya, ndipo wachedwa kale, poti wachiwiri amathiridwa patatha pafupifupi masabata atatu kapena anayi chimanga chitamera. Pa mulingo wofala wa thumba limodzi la makilogalamu 50 pa ekala, theka la ekala ndi makilogalamu 25. Mwafunsa otseguka awiri ndi otseka asanu, ndipo dongosolo lake ndi limene lagwira ntchito. Mukanayamba ndi asanuwo, simukanadziwa kuti mufunse za masamba apansi. Mukanapitiriza ndi otseguka okhaokha, mukanamva za mvula, za mbewu ya chaka chatha ndi za mlamu wake, koma osadziwa kukula kwa munda.

Musanatseke, funsani lotseguka lomaliza: "China chimene mumafuna tikambirane n'chiyani?" Limaposa "Basi?" kapena "Palibenso china?", amene amamveka ngati mukutseka chitseko. Nthawi zambiri chinthu chachiwiri, monga kufunsa ngati angalipire theka lero, chimatulukira pamenepa.

## Chizindikiro 4: Nkhani yatseguka koma sikutha, mzere ukukula

- Mukufunsabe otseguka nthawi yawo itatha. Mukangodziwa mbewu yake ndi vuto lake, sinthani. "Ndiye zinatani?" amawonjezera mphindi zisanu.
- Mukuopa kudula wamkulu. Simufunika kudula. Dikirani apume, bwerezani mfundo yake, n'kulumikiza lotseka: "Ndamva agogo, nkhuku zinayamba kufa sabata yatha. Zatsala zingati?" Kubwereza kumaonetsa kuti mumamvetsera, ndiye funsolo silimveka ngati mwano.
- Wabwera ndi nkhani zingapo. Zitchuleni zonse, iye asankhe: "Pali za mbewu ndi za nkhuku. Tiyambe ndi iti?"

## Chizindikiro 5: Mwafunsa, wawerenga, wasowa

Pa foni timizere tiwiri tasanduka tabuluu koma yankho kulibe, kapena pa kauntala munthu wati "Ndibweranso" n'kutuluka.

Mwaunjika mafunso. Uthenga umodzi wokhala ndi mafunso anayi umaoneka ngati fomu ya ku ofesi. Amene ayankhe, ayankha lomaliza lokha. Funsani limodzi pa uthenga uliwonse. Ngati pali ziwiri zoyendera limodzi, monga kuchuluka ndi malo otumizira, ziwirizo zikhale malire.

Mwafunsa za ndalama msanga. "Muli ndi zingati?" likabwera moni utangotha, munthu amamva ngati mukufuna kuyeza thumba lake kuti mukweze mtengo. Lisungeni mpaka mutatchula mitengo yanu, ndipo lisandutseni kusankha: "Pali paketi ya makilogalamu 2 ndi ya 5. Itiyo ingakukwanireni?"

Mwafunsa "chifukwa chiyani". Ndi funso lotseguka ndithu, koma limamveka ngati mlandu. "Munachedweranji kuthira feteleza?" lilibe yankho lina koma manyazi, poti chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Ngati mukufunadi kudziwa, funsani "Zinayenda bwanji pa nthawi yothira?" Kawirikawiri simufunika n'komwe kudziwa.

Bandulo yatha kapena netiweki yathawa. Dikirani, kenaka tumizani uthenga umodzi wosavuta kuyankha ndi liwu limodzi: "Tikusungireni yureya uja?" Apa lotseka ndiye loyenera. Ukapanda kuyankhidwa, musatumizenso wachitatu.

## Pamene muyenera kuleka kufunsa n'kuitana odziwa

Kufunsa bwino kumatulutsa zinthu zina zimene wa pa kauntala sangazithe. Mukaona izi, lekani kufunsa kogulitsira.

- Matenda a mbewu amene simukuwazindikira, kapena afalikira minda yambiri. Musagulitse mankhwala ongoyerekeza. Mtumizeni kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake, atenge chitsanzo cha mbewuyo kapena chithunzi.
- Ziweto zikufa zambiri nthawi imodzi. Nkhumba kapena nkhuku zikamafa motsatizana, nkhaniyo ndi ya alangizi a ziweto. Katemera wa chitopa amateteza nkhuku zimene sizinadwale, sachiza zodwala, ndipo chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala. Muuzeni asagulitse kapena kusamutsa zotsalazo asanaonane nawo.
- Munthu wamwa, wapuma kapena wathiridwa mankhwala. Apa otseguka alibe malo. Funsani atatu otseka mwachangu: mankhwala ati, nthawi yanji, akupuma bwino? Kenaka apite kuchipatala pompo ndi botolo lake. Musalangize kumusanzitsa kapena kumumwetsa mkaka.
- Uthenga wonena za ndalama zotumizidwa molakwika, kapena wopempha nambala yachinsinsi. Ena amayamba ndi moni wautali kuti muzolowerane. Musayankhenso. Onani ndalama zanu nokha pa foni, ndipo imbani ku kampani ya foni pa nambala imene mukuidziwa kale.
- Mwana kapena mayi akuonetsa kuti akuchitiridwa nkhanza. Musamufunse tsatanetsatane. Ku Malawi kuli nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, komanso ofesi zothandiza ozunzidwa ku polisi.

Pali chinanso chomaliza chimene chikufuna mawu ochulukirapo, chifukwa chimakhudza shopu ya zaulimi kuposa ina iliyonse. Mankhwala ophera tizilombo ndi makoswe ndi amodzi mwa zinthu zimene anthu ofuna kudzipha amagwiritsa ntchito kwambiri m'madera a alimi. N'chifukwa chake aliyense wofuna mankhwala oopsa afunsidwe funso lotseguka, ngakhale mzere utalike: "Mukathira pa chiyani, ndipo chavuta n'chiyani?" Mlimi weniweni amayankha mosavuta, nthawi zina mpaka kukutopetsani. Khalani tcheru ndi munthu amene satha kutchula mbewu kapena munda, amene akungofuna "amphamvu kwambiri" posasamala mtundu, amene waledzera, akulira, kapena akulankhula ngati akutsanzika. Musamugulitse. Mukhazikeni pansi pamalo opanda anthu, ndipo apa funso lotseka lolunjika ndiye loyenera: "Achimwene, kodi mukuganiza zodzipha?" Kufunsa chonchi sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu. Akavomera, kapena akangokhala chete n'kugwetsa nkhope, musamusiye yekha. Mufunseni wachibale amene mungamuimbire, ndipo mupite naye kuchipatala chapafupi kapena muitane apolisi ngati akukana ndipo mukuona kuti moyo wake uli pachiswe. Uzaninso anzanu ogulitsa pafupi, chifukwa wokanizidwa pa shopu imodzi amatha kungowoloka msewu.